Uthenga woyamba ukakhala "?" basi, musabweze "?"

Dzulo pa gulu lathu la amayi ogulitsa malonda kuno ku Zomba, mmodzi anaika chithunzi cha uthenga umene analandira kuchokera ku nambala yachilendo. Munalibe moni, munalibe dzina, munali mfunsiro umodzi wokha: "?". Ambiri anayankha kuti munthu wotere ndi wamwano, angomutsekera. Ena anati mubwezereni mifunsiro iwiri aone kuwawa kwake. Ine ndinakana, ndipo popeza pa gulu mawu amathamanga ngati madzi a Mulunguzi nthawi ya dzinja, ndati ndilembe pano mofatsa.

Ndimagulitsa mpunga wa ku Domasi ndi matemba a ku Kachulu. Makasitomala anga ambiri amandipeza pa WhatsApp, ndipo nambala yanga imayenda m'manja mwa anthu amene sindinawaonepo. Mauthenga a mfunsiro, a mpumiro umodzi, a mipatuliro itatu yondondozana, ndimawalandira kawirikawiri. Chimene ndaphunzira n'chakuti uthenga umene kwa ine ndi woyamba, kwa wotumizayo nthawi zambiri sukhala woyamba. Mfunsirowo ndi mchira chabe, mutu wake unatsalira panjira.

Ndinazindikira izi chaka chatha, tsiku lina Lachisanu m'mawa ndikukonzekera kupita ku msika waukulu. Foni inalira, nambala ya 099 imene sindinaisunge, uthenga wake "?". Ndinali ndi mabeseni awiri oti ndikweze pa kabaza, mtima uli m'mwamba. Chala chinafuna kulemba kuti "ndani?" koma ndinadzigwira, ndinakhala pa khonde n'kulemba chonchi: "Mwadzuka bwanji? Ndine mayi wa mpunga wa ku Matawale. Kuno kwangofika chizindikiro cha funso chokha, uthenga wina sunafike. Kodi mumafuna mpunga, matemba, kapena ndi nkhani ina?"

Panadutsa mphindi ngati makumi awiri. Kenako kunalowa uthenga wa mawu, wautali ndithu, ndipo pambuyo pake kunabwera mawu olemba akuti "pepani mwanawanga netiweki". Anali mayi wachikulire wa cha ku Jali. Kwawo kunali maliro, amafuna mpunga wokwana makilogalamu 25 kuti ukwere galimoto ya m'mawa womwewo. Uthenga wa mawu anaujambula kudakali mdima. Iwo ankauona pa foni yawo ndipo ankati wapita, koma unali ukuzungulirabe osakwera chifukwa netiweki inali yofooka. Atadikira osayankhidwa, mdzukulu wawo anatumiza "?" kutanthauza kuti kodi mwamva? Chilembo chimodzi n'chopepuka, chimadutsa ngakhale pa netiweki yotsimphina. Uthenga wa mawu kapena chithunzi n'cholemera, chimafuna kuti netiweki igwire kwa kanthawi. Ndiye chopepukacho chinafika poyamba.

Tangoganizani ndikanabweza "??" kwa munthu amene wagona pa siwa usiku wonse.

Pali njira zinanso zimene mutu wa uthenga umasowera. Mukasintha foni osasunga macheza anu akale, WhatsApp imatsegula tsamba loyera, pamene mnzanuyo kwake akuonabe zonse zimene munakambirana mwezi watha. Iye akulemba "?" pansi pa lonjezo lanu lakuti mubweretsa katundu Lolemba, inu mukuona mlendo wopanda ulemu. Mutu umasowanso ngati macheza anaikidwa kuti azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, kungoti pamenepo amafufutika mbali zonse ziwiri. Nthawi zina pamwamba pa mfunsiropo pamakhala kamzere kakuti "Waiting for this message. This may take a while." Pamenepo palibe chovuta kumvetsa, uthenga ulipo koma sunatseguke, ndipo kawirikawiri umatseguka foni ya wotumizayo ikalowanso pa intaneti.

Ngati wabwera pa SMS, nkhani yake ndi ina. Munthu wa foni yamakono akatumiza kachithunzi ka nkhope yoseka kapena manja opemphera kwa munthu wa foni ya mabatani, mafoni ena amene sakadziwa kachithunziko amaika mfunsiro kapena kabokosi m'malo mwake. Wotumizayo sanafunse chilichonse, anangopereka moni m'njira yake. Ndipo pa mafoni ambiri a mabatani, batani la 1 ndi limene limasunga zizindikiro zopumira. Foni ikakhala m'thumba la chitenje osakiya, kapena ikagwidwa ndi mwana, zotuluka zake ndi zomwezi: ".,?" kapena "...". Zoterezi zimazindikirika chifukwa zizindikirozo zimakhala zosakanikirana ndipo mwina zimabwera kawiri katatu m'mphindi imodzi.

N'chifukwa chake ndisanayankhe ndimayang'ana kaye, ndipo sizitenga ngakhale mphindi. Ikakhala nambala imene ndinaisunga, ndimaona ngati mfunsirowo wamatidwa pansi pa sitetasi yanga. Ngati pamwamba pake pakuoneka chithunzi changa cha matemba, ndiye kuti funso lamveka kale, munthuyo akufunsa mtengo kapena ngati katundu alipo, ndipo ndimangoyankha zonse ziwiri. Ndimadinanso pa nambalayo kuona dzina limene mwini wake anadzilembera, lija limayamba ndi kachizindikiro ka ~, komanso ngati tili limodzi pa gulu lina. Munthu amene tili naye pa gulu la mpingo kapena la makolo a kusukulu si mlendo kwenikweni. Pomaliza ndimaona chiyambi cha nambala. Ya kwathu kuno imayamba ndi +265. Ikayamba ndi zina, sindithamanga, ngakhale ndikudziwa kuti +27 ingakhale mbale wathu wa ku Joni amene akufuna kugulira makolo ake mpunga.

Tsopano za yankho lenilenilo, pamene ndimasiyana kwambiri ndi anzanga. Pali mayankho awiri amene ndimawaona kawirikawiri ndipo onse sandisangalatsa. Loyamba ndi lija lobweza "?" kapena "eya?" kapena "ndani?". Limeneli silimuuza munthu chilichonse. Iye akuganiza kuti munalandira uthenga wake wonse, ndiye akaona "ndani?" amamva ngati mwamunyoza dala. Lachiwiri ndi la amene amaopa kutaya kasitomala: amakhuthula mitengo yonse, zithunzi khumi, nambala ya Mpamba ndi ya Airtel Money, zonse nthawi imodzi. Mwamudyera bandulo munthu amene mwina netiweki yake ikulephera kukweza uthenga umodzi, ndipo mwapereka zambiri kwa munthu amene simukumudziwa.

Chiganizo chimene chimagwira ntchito yaikulu mu yankho langa ndi chija chonena zimene zafika kwa ine: "kwangofika chizindikiro cha funso chokha." Chimenechi chimamuchotsa munthu manyazi, chifukwa sichimuimba mlandu, ndiponso chimamupangitsa kuyang'ana pa foni yake n'kuona kuti uthenga wake uli ndi kawotchi m'malo mwa kachongi. Moni umakhala patsogolo popeza simudziwa msinkhu wa amene ali kuseriko, ndipo kwathu kuno kulankhula ndi "inu" kwa mwana sikulakwa, koma kulankhula ndi "iwe" kwa agogo n'kulakwa kwakukulu. Funso lomaliza ndimalipanga losavuta, loti munthu angathe kuyankha ndi liwu limodzi. Si onse amene amalemba momasuka. Ena amaika "?" chifukwa kulemba kumawatengera nthawi, ndiye ndikaona kuti yankho likuchedwa pamene machongi asanduka abuluu, ndimabwereza mawu omwewo pa uthenga wa mawu waufupi.

Amene muli ndi WhatsApp Business mungasunge yankho limeneli pa "Quick replies" kuti muzingolemba / n'kulisankha. Koma "Greeting message" musaidalire pa nkhani iyi. Imapita yokha kwa aliyense amene walemba koyamba, kapena amene wakhala masiku 14 osalemba, ndipo sidziwa kuti chafika ndi mfunsiro. Munthu amalandira "takulandirani" n'kumaganiza kuti oda yake yamveka.

Kupatula uthenga wa mawu waufupi uja, ndimayankha kamodzi. Izi ndikuzinena motsindika, chifukwa sindikuuza aliyense kuti azitsegulira chitseko aliyense wogogoda. Alipo anthu amene amaponya kachizindikiro pa manambala ambiri kuti aone nambala imene ili ndi munthu woyankha. Ndiye mu yankho loyambalo sindiika dzina langa lonse, sinditchula nyumba imene ndimakhala, ndimangonena zimene zili kale pa sitetasi yanga. Ndikatero ndimadikira uthenga wachiwiri, chifukwa ndi umene umaonetsa munthu. Wa zoona amanena chimene akufuna: kilo ndi zingati, muli pati, kapena amapepesa kuti ndi mwana amaseweretsa foni. Wachinyengo amabwera ndi nkhani yake yokonzeratu. Amati watumiza ndalama molakwika ndiye mumubwezere, kapena akuti mudine linki, kapena akuti pa foni yanu pabwera manambala 6 muwawerengere. Manambala 6 amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, mukangomupatsa waitenga. Pamenepo sindikambirana, ndimadina "Block" ndi "Report". Ndipo ngati uthenga wachiwiri sunabwere konse, ndimausiya. Sindiimba foni, makamaka ku nambala ya kunja.

Mnzanga wina anati, "Koma asisi, bwanji ife tizivutika kulemba ziganizo zinayi pamene iye walemba kadontho kamodzi?" Ndinamumvetsa. Zimawawa kuona ngati ulemu ukuchokera mbali imodzi. Inenso ndikadakonda kuti aliyense aziyamba ndi moni ndi dzina, ndipo ana anga ndimawauza kuti asadzatumizire munthu wamkulu mfunsiro wokha. Komanso n'zoona kuti alipo ena amene amatumiza "?" mwamwano ndithu, monga wangongole amene watopa kudikira. Koma pa nthawi imene uthengawo wangofika, inu simudziwa kuti ndi uti mwa onsewa. Mukayankha mwaulemu kwa wamwano mwataya masekondi ochepa. Mukayankha mwaukali kwa wofedwa, kwa nkhalamba, kwa kasitomala wanu wakale amene macheza ake anafufutika, chimene mwawononga simungachikonze ndi uthenga wina.

Mpunga wa mayi a ku Jali uja unakwera galimoto isanakwane 9 koloko. Nambala yawo ndinaisunga tsiku lomwelo. Mwezi wathawu anatumizanso "?" m'mawa, ndipo sindinafunse kanthu, ndinangowalembera kuti, "Amayi, uthenga wanu wa mawu sunafikebe, tulukani panja pamene pamagwira netiweki muutumizenso."