Silaidi imodzi, mfundo imodzi: zomwe ndinaona nditakhala pa benchi yomaliza

Chaka chatha ndinachita manyazi m'kalasi mwanga momwe. Ophunzira anali pa ntchito ya m'magulu, ndiye ndinapita kukakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi zenera losweka lomwe limalowetsa chisanu cha kuno ku Dedza. Pulojekita inali ikuonetsabe silaidi yanga ya chiwawu cha mbatata ya kachewere. Ndinayesa kuwerenga, koma zinakanika. Ine mwiniwake, amene ndinachezera usiku kulemba zimenezo! Mtsikana amene ndinakhala naye pafupi anali atajambula silaidiyo pa foni, akuikulitsa ndi zala. Ndinamufunsa ngati anamva zomwe ndinafotokoza. Iye anati, "Madamu, nthawi imene mumalankhula ija ine ndimakopera."

Silaidiyo inali ndi mizere 14. Mutu wake unali dzina la matenda basi. Pansi pake ndinaunjikapo choyambitsa, nyengo imene matendawa amakonda, zizindikiro pa masamba, zizindikiro pa mbatata, kafalikidwe, kapewedwe, ngakhalenso njala imene matendawa anadzetsa ku Ireland mu 1845. PowerPoint ikaona kuti mawu achuluka m'bokosi imachepetsa yokha zilembo kuti zikwane, ndiye iwe pa laputopu umangoona ngati zonse zili bwino. Zilembo zanga zinali zitatsika mpaka pa saizi 14.

Maganizo anga ndi akuti ife aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite timadzaza masilaidi chifukwa timawasenzetsa ntchito ziwiri. Timafuna akhale chothandizira pophunzitsa, komanso akhale manotsi owerengera mayeso. Chifukwa chake n'chomveka, mabuku ndi ochepa ndipo tikudziwa kuti ambiri adzangowerenga zomwe tawatumizira pa gulu la WhatsApp. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Silaidi yotero m'kalasi siiwerengeka, ndipo kunyumba siimveka chifukwa ndi ziganizo zoduladula zopanda kufotokoza.

Vuto lenileni lili m'mutu mwa womvera. Munthu sangawerenge ndime ina uku akumvetsera mawu ena, zonse n'kulowa. Akatswiri a kaphunziridwe monga John Sweller ndi Richard Mayer anaonetsa kuti malo amene ubongo umagwirira zinthu zatsopano pa kanthawi ndi ochepa kwambiri, ndipo kumva mawu uku ukuona chithunzi kumathandiza kuposa kumva mawu uku mawu omwewo atadzaza pa khoma. Maso amathamanga kuposa pakamwa pa mphunzitsi. Iwe uli pa mzere wachiwiri, wophunzira wafika kale pa wachisanu ndi chiwiri, kapena wasiya zonse akukopera.

Ndiye ndinaiphwanya silaidi ija. Choyamba chimene ndinasintha ndi mutu. M'malo mwa dzina la matenda, silaidi iliyonse ndinaipatsa chiganizo chathunthu, chonena chinthu chimene munthu angavomere kapena kutsutsa. Kumeneko n'kumene ndimadziwira kuti mfundo ndi imodzi. Ngati chiganizo chikukana kutha popanda "komanso", ndiye kuti pali mfundo ziwiri, ndipo yachiwiriyo ipite pa silaidi yake.

Yoyamba inati: chiwawu chimabuka kukazizira ndi kunyowa masiku otsatizana. Pansi pake chithunzi chimodzi cha munda wa ku Bembeke uli mu nkhungu ya m'mawa, chomwe ndinajambula ndekha. Yachiwiri inati: chizindikiro chodalirika chili kunsi kwa tsamba. Chithunzi chake ndi tsamba lotembenuzidwa, banga lakuda looneka ngati lanyowa, m'mphepete mwake muli nguwi yoyera, ndipo ndinaikapo muvi umodzi woloza pamenepo. Yachitatu inanena kuti matendawa amabisala mu mbewu yodwala kudikira nyengo ina. Yachinayi, kuti mphepo ndi madontho a mvula ndizo zimawafalitsa. Yachisanu, kuti mankhwala oteteza monga mankozebu amagwira ntchito ukapopera matenda asanalowe, sachiza tsamba lomwe lagwidwa kale. Dzina la choyambitsa matendawa, Phytophthora infestans, ndinalilemba kamodzi, m'zilembo zikuluzikulu, kuti alione kalembedwe kake. Nkhani ya ku Ireland ndinaichotsa pa khoma, ndimangoikamba pakamwa, ndipo amaimvetsera ngati nthano.

Mitu ndinaiika pa saizi 32, mawu ena onse osatsika pa 24. Chinthucho chikakana kukwana pa 24, sindichepetsa zilembo, ndimachepetsa mawu.

Mnzanga wina wa ku Ntcheu, amene amaphunzitsa za nthaka, atawona anaseka. "Achemwali, masilaidi 5 pamalo pa imodzi? Ola lanu likwana?" Limakwana, chifukwa zokamba ndi zomwe zija. Poyamba ndinkakhala mphindi 10 pa silaidi imodzi, pano ndimakhala mphindi ziwiri pa iliyonse. Kudina batani sikudya nthawi.

Koma pali pomwe lamuloli anthu amalimva molakwika. Ena amangotenga ndime yomwe ija n'kuidula pakati, theka pa silaidi iyi theka pa inayo, mutu n'kulemba kuti zikupitirira. Kumeneko n'kugawa katundu yemweyo m'matumba awiri, kulemera sikunasinthe. Ndipo nthawi zina mfundo imodzi imafuna zinthu ziwiri pamalo amodzi. Ophunzira anga amasokoneza chiwawu ichi ndi china choyambitsidwa ndi Alternaria solani, chomwe chimayambira masamba akale a m'munsi ndipo mabanga ake amakhala ndi mizere yozungulira ngati mkati mwa chitsa cha mtengo. Ndikanaika masamba awiriwa pa masilaidi osiyana, wophunzira akanayenera kusunga loyamba m'mutu uku akuyang'ana lachiwiri. Ndinawaika pamodzi, ili kumanzere ilo kumanja, chifukwa mfundo yake ndi kusiyanako. Chimodzimodzi masamu a kasungunulidwe ka mankhwala mu sipuleya: sitepe iliyonse ituluke payokha, koma zam'mbuyo zikhalebe zikuoneka, apo ayi amene anaphethira wasochera.

Dandaulo linabwera sabata yomweyo. Mtsogoleri wa kalasi anandipeza pakhomo. "Madamu, anzanga akuti masilaidi a ulendo uno alibe kanthu, tiwerenga chiyani?" Sanalakwe. Ukachotsa mawu pa khoma osawapatsa kwina, wawalanda buku lokhalo limene anali nalo. Pano zonse zimene ndimafotokoza ndimazilemba m'ziganizo zathunthu m'bokosi la Notes pansi pa silaidi iliyonse. Ophunzira saziona pa khoma, ine ndimaziona pa laputopu kudzera mu Presenter View. Ndikamaliza ndimasunga ngati PDF posankha Notes Pages, tsamba lililonse limatuluka ndi silaidi pamwamba, kufotokoza pansi. Ndimayamba ndapeputsa zithunzi ndi Compress Pictures kuti isawathere bandulo. Ndipo ndimawauza phunziro lisanayambe kuti manotsi abwera, chifukwa ukapanda kunena, mafoni amakwerabe m'mwamba.

Sindinama, ntchito imachuluka. Kukopera ndime ya m'buku n'kumata pa silaidi ndi mphindi imodzi, pomwe kupeza chiganizo chimodzi cholondola ndi chithunzi chochichitira umboni kumatha kundidyera madzulo onse. Mpaka lero ndangokonza maphunziro 6, ena onse adakali ndi masilaidi akale aja.

Mwezi wathawu magetsi anazima tili pa silaidi yachitatu. Ndinatenga choko n'kulemba mitu 5 ija pa bolodi, mizere 5 basi, phunziro n'kupitirira. Mnyamata wina wa ku Lizulu anakweza dzanja n'kufunsa ngati mbewu imene amayi ake amasunga yokha chaka ndi chaka ingakhale yomwe ikubweretsa chiwawu m'dimba mwawo. Tinathera pamenepo mphindi zotsalazo.