Ana asukulu, mapilisi a anzanu si owerengera mayeso ai

Ana inu tandimverani. Khalidwe lomapemphana Ritalini kapena Aderolo nthawi ya mayeso kuti muchezere kuwerenga usiku onse mulisiye ndithu.

Mankhwala amenewa ndi a anthu amene adokotala anawapeza ndi vuto la ADHD, lija loti munthu amakanika kukhazikika maganizo pa chinthu chimodzi kuyambira ali mwana. Ndipo samangomupatsa ai. Amayamba amuyeza kuthamanga kwa magazi, kumvetsera mtima, kufunsa ngati anakomokapo akuthamanga, ngati kwao kuli wachibale amene anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono, ngati anadwalapo matenda a maganizo. Akatero amamuyambitsa kamlingo kochepa, mwina mamiligalamu 5, nkumakweza pang'onopang'ono akumuona mmene thupi likulandilira. Ndiye inu mukangotola pilisi la mnzanu la mamiligalamu 36 mukuyambira pomwe iye anafika patapita masabata, chonsecho mtima wanuwo palibe anaumvetserapo, ndipo ena mumabadwa ndi vuto la mtima lobisika osadziwa.

Mwana wa mlongo wanga anachita zomwezi, ndikakumbukira mtima umandiwawa mpaka lero. Anamwa madzulo pilisi lija losungunuka pang'onopang'ono, lomwe limagwira ntchito maola pafupifupi 12, patangopita ola limodzi akuti sindikumva kanthu, nkuonjezera lachiwiri, pamwamba pake khofi. Mankhwalawa amachulukitsa timadzi tonyamula mauthenga muubongo totchedwa dopamini ndi noradirenalini, tulo timabalalika, njala imatha, koma noradirenalini yemweyo amafinya mitsempha ya magazi nkumathamangitsa mtima. Mtima wa munthu wamkulu akangokhala umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, wake unkagunda ka 130 ali chikhalire pampando, manja akunjenjemera, kukamwa gwa! Iye osaleka. Usiku wachitatu osagona anayamba kunena kuti panja pa windo pali anthu akumunena, akudzikanda mikono mpaka magazi ati tizilombo tikumuyenda pansi pa khungu. Mwana wofatsa uja, kumuyang'ana mmaso ngati si iye. Anachira atagonekedwa kuchipatala, mayeso omwewo sanalembe.

Chimandinyansa kwambiri nchoti kwa munthu wopanda vutoli mapilisiwa saonjezera nzeru, amangokupangitsani kumva ngati zikulowa, pomwe zimene mwawerenga zimakhazikika mmutu mukagona. Ndipo inu opereka mapilisi anu kwa anzanu, mukuona ngati chifundo chimenecho? Mnzanuyo akagwa muwauza chani makolo ake?

Ngati mukuonadi kuti maganizo sakhazikika kuyambira kalekale pitani akakuyezeni, nthawi zina chimakhala china, nkhawa kapena kusagona mokwanira. Koma ngati wina wamwa kale ndiye akumva kuwawa pachifuwa, kubanika, mtima kudumphadumpha, kukomoka kapena wayamba kumva mau a anthu oti palibe, musamusiye yekha kuti agone zitha. Thamangirani naye kuchipatala, paketi ya mapilisiyo mutenge, ndipo mukawauze adokotala zoona, wamwa angati, nthawi yanji, ndi china chilichonse chomwe anamwera limodzi.