Tisiye kubisala kumbuyo kwa "kindly do the needful"

Anzanga a m'maofesi, lero ndilankhulepo za mawu anayi amene ambirife timatsekera nawo imelo: "kindly do the needful". Ena amati tiwasiye chifukwa ndi achikale. Ine ukalewo sundivuta kwenikweni. Chimene chimandipweteka n'chakuti mawuwa sanena kanthu, ndipo amene amavutika nawo nthawi zambiri si wolemba kapena wowerenga, koma munthu wina amene akudikira kuti ntchito itheke.

Chaka china mu Febuluwale, ofesi yathu inali ndi amisiri asanu ndi mmodzi omwe ankamanga chimbudzi pasukulu ina. Malipiro awo sakanatuluka popanda siginecha ya mayi wina wowerengera ndalama ku bungwe lotithandiza ku Britain. Lolemba m'mawa ndinawalembera motere: "The above subject refers. Please find attached herewith the February payment form. Kindly do the needful and revert soonest." Ndinaona ngati ndalemba mwaulemu ndiponso mokwanira. Yankho linabwera Lachinayi madzulo, lofunsa ngati ndikufuna kuti aone masamu, asayine, kapena angosunga fomuyo m'mafayilo awo. Apo n'kuti banki itatseka kale. Lachisanu kapitawo wa amisiri anafika paofesi atanyowa ndi mvula, njinga yake ili matope okhaokha, ndipo ndinayenera kumuuza kuti, "Pepani bambo, mudikire sabata yamawa." Sanakalipe. Anangoti, "Anyamata ndikawauza chiyani, poti ufa unatha Lachiwiri?"

Mayi aja sanalakwe. Fomuyo inali ya masamba atatu, ndipo pa zinthu zitatu zomwe akanachita nayo, ine sindinatchule ngakhale chimodzi.

Ndikumvetsa chifukwa chake mawuwa timawakonda. Kwathu kuno wamkulu sitimulamula. Timatula nkhani, n'kunena kuti "nkhani ndi imeneyi, mudziwa ndinu", ndipo mwini wake amadziwadi chochita chifukwa anali pomwepo, nkhani akuidziwa mutu ndi mchira. "Do the needful" imagwera ndendende m'malo amenewo, choncho imatikhala bwino pakamwa. Mawuwo si Chingerezi chothyoka ayi. Angerezi eni ake ankawalemba m'makalata awo kalelo, kenako kwawoko anazilala, koma ku India ndi m'maiko ena amene ankalamulidwa ndi Britain akadali amoyo mpaka lero. Vuto ndi lakuti imelo imawerengedwa ndi munthu amene sanali pomwepo, mwina akuiona pa foni ali m'basi, ndipo ina yambirimbiri ikumudikira.

Ndiye pokonza, musangosintha chovala. Ndaonapo anthu akufufuta "do the needful" n'kulemba "please do what is necessary" kapena "please assist accordingly", n'kumati zasintha. Palibe chasintha, wowerenga akadali mumdima womwewo. Kukonza kwenikweni kumayamba musanagwire kiyibodi: dzifunseni m'Chichewa momwe kuti munthuyu ndikufuna achite chiyani, pofika liti, ndipo akachedwa chionongeke n'chiyani. Mukalephera kuyankha, ndiye kuti vuto silili pa Chingerezi, inuyo simunaganize n'kumaliza. Nthawi zina timalemba mawu aja chifukwa tikuopa kutchula chinthu, kuti zikalakwika tidzati "ine ndinatumiza". Uko n'kusenzetsa mnzako katundu wako.

Mwezi wotsatira imelo yomweyo ndinailemba chonchi. Pamutu: "March payment form: signature needed by Thursday". M'kati, nditawatchula dzina: "I've attached the March payment form. Could you please sign page 2 and send it back by 12:00 Malawi time on Thursday? The bank needs it that afternoon so the builders can be paid on Friday. Thank you." Fomu inabwera itasayinidwa tsiku lomwelo.

Taonani zimene zalowa m'malo mwa mawu akale aja. Pomwe panali "the needful" pali mneni weniweni, kusayina, ndi tsamba lake. Pomwe panali "soonest" pali tsiku ndi ola. "Soonest" yanu ingakhale lero, ya mnzanu n'kukhala sabata yamawa, ndipo nonse mukhala mukunena zoona. Ndinatchula nthawi ya kuno dala, chifukwa ife timakhala patsogolo pa Britain ndi maola awiri nthawi yawo yozizira, ndi ola limodzi akasintha mawotchi kumapeto kwa Malichi. "The above subject refers" ndinangoichotsa, pakuti mutu wa imelo munthu wauwerenga kale asanatsegule. "Please find attached herewith" ikunena chinthu chimodzi kawiri, ndipo "I've attached" yakwana. Chiganizo cha amisiri chija ndicho chofunika kwambiri kwa ine: munthu akadziwa kuti pali anthu akudikira malipiro, saika imelo yanu pansi pa mulu.

Mawu awiri tiyenera kuwasamala mwapadera. Loyamba ndi "revert". Kuno, ku India ndi m'maofesi ena a ku South Africa timalimva ngati "yankhani", koma kwa Mngerezi kapena Mmereka wamba limatanthauza kubwerera m'mene zinalili kale. Mukatumiza bajeti yokonzedwanso n'kulemba "please revert", wina angaganize kuti mukuti abwezeretse yakale ija. Lembani "reply" kapena "let me know", mutchule ndi tsiku. Lachiwiri ndi "kindly". Ife timaliika ngati kugwada, koma m'makutu mwa Angerezi ambiri limamveka ngati la munthu amene watopa nawe, kapena la chikwangwani choletsa zinthu. Ulemu womwe mumafuna kupereka umafika utatembenuka.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Ndiye ndiziwauza abwana kuti sayinani tsamba 2, ngati ndikutuma mwana?" Ayi, achimwene. Ulemu m'Chingerezi cha lero uli m'kapangidwe ka funso: "Could you please" kapena "Would you be able to" zikumusiyira wamkulu mpata wokana, monga momwe ife timanenera kuti "ngati n'kotheka mungandisayinireko". Mulinso ulemu m'kupereka chifukwa ndi m'kuthokoza. Abwana amene ndagwira nawo ntchito sanadandaulepo kuti ndawauza tsamba loti asayine. Amadandaula akamatsegula mafayilo atatu kufunafuna chimene ndikufuna.

Malire alipo. Kalata yopita ku khothi kapena ku unduna ili ndi kalembedwe kake, ndipo ngati ofesi yanu ili ndi ndondomeko ya makalata otere, itsateni, koma m'katimo mutchulebe chochita ndi tsiku. Komanso mnzanu wa ku Mumbai kapena wa chipinda chinacho akakulemberani "kindly do the needful", musamuseke kapena kumuphunzitsa pagulu. Muyankheni ndi funso limodzi, monga "Do you need me to sign it or only check the figures?", ndipo muonjezere tsiku limene mungathe kumaliza.