Sheya imodzi, malire awiri: chifukwa chiyani Windhoek imatsata Johannesburg koma Harare inapatuka

Masheya a kampani ya Old Mutual analembetsedwa pa misika ya Johannesburg, Windhoek ndi Harare. Katundu ndi mmodzi, mayiko ndi oyandikana, koma mitengo yake sinayende mofanana.

Tiyambe ndi Namibia. Kuyambira 1993 dola ya dzikolo imasinthidwa imodzi kwa imodzi ndi randi ya South Africa, ndipo ndalama zimadutsa malire a mayiko awiriwa popanda chovuta chenicheni. Tiyerekeze kuti sheya ili pa madola 11.50 ku Windhoek pamene ku Johannesburg ili pa marandi 12. Wochenjera agula masheya 10,000 ku Windhoek pa 115,000, nthawi yomweyo agulitsa ena 10,000 ku Johannesburg pa 120,000. Misonkho ndi mabuloka, omwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, akadya 2,000, iye watsala ndi 3,000, osadikira kuti mtengo udzakwere mawa. Malonda otere ndiwo amatchedwa abitiraji.

Koma phindu limeneli silikhalitsa. Ena nawo aliona. Kugula kwawo kumakweza mtengo ku Windhoek, kugulitsa kwawo kumautsitsa ku Johannesburg, mpaka mpata wotsala ufanane ndi ndalama zolipira posamutsa. Apa onse amaleka. N'chifukwa chake timati mtengo umakhala pafupifupi umodzi, osati umodzi ndendende.

Ku Zimbabwe zinthu zinali zina. Ndalama zakunja zinkasowa, ndipo mu Malichi 2020 boma linaika dola ya America pa madola 25 a Zimbabwe, mtengo umene anthu ambiri sakanapezera dola. Choncho anthu ankatenga mtengo wa sheya ku Harare n'kuugawa ndi mtengo wake kunja, ndipo zotsatira zake ankazitcha Old Mutual Implied Rate. Mwachitsanzo, sheya ikakhala yofanana ndi dola imodzi ya America ku Johannesburg koma madola 80 ku Harare, ndiye kuti msika ukunena kuti dola ili pa 80. Wowerengera pa 25 angaganize kuti akagula ku Johannesburg n'kugulitsa ku Harare, ndalama zake zichuluka kuposa katatu. Ayi ndithu: akagulitsa ku Harare, ndalamazo azitulutsa bwanji pa 25?

Boma linaona kuti chiwerengerochi chikufooketsa ndalama yake. Linaletsa kusamutsa masheyawa pakati pa misika, kenako mu Juni 2020 linaimitsa msika wonse wa Harare. Utatsegulidwanso mu Ogasiti, Old Mutual inatsala kunja.

Ndikumvetsa nkhawa ya boma lopanda ndalama zakunja, ndipo njira ya Namibia nayo ili ndi mtengo wake: chiwongoladzanja chake chiyenera kuyenda pafupi ndi cha South Africa, ifune isafune. Komabe ine ndikuona kuti Harare inalimbana ndi sikelo m'malo mwa katundu. Amene anavutika kwambiri ndi eni masheya wamba a ku Zimbabwe, omwe anakhala ndi chuma chosagulitsika pamene anzawo a ku Windhoek ankagula ndi kugulitsa monga mwa masiku onse.