Mijigo khumi, mayiko anayi: kupempha zikalata za boma ndi kulemba zimene mwapatsidwa

Tiyerekeze kuti khonsolo ina yalengeza kuti yakumba mijigo khumi m'dera lina. Anthu akumeneko akuti iwo akudziwapo isanu ndi iwiri yokha. Mtolankhani atha kuyimbira mneneri wa khonsolo, mneneriyo n'kunena kuti zonse zinayenda bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Njira ina ndi yolemba kalata yopempha zikalata zenizeni za ntchitoyo pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma. Malawi, Zambia, Mozambiki ndi Tanzania onse ali ndi lamulo lotere tsopano, ndipo ndakhala ndikuwayika pambalipambali kuti ndione kumene nkhani ya mijigo iyi ingatuluke msanga komanso yolimba.

Mozambiki ndiye anatsogola, lamulo lake nambala 34 linatuluka pa 31 Disembala 2014. Tanzania anatsatira mu 2016. Ku Malawi aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika n'kusayinira mu Febuluwale 2017, koma linagona m'kabati mpaka pa 30 Sepitembala 2020 pamene linayamba kugwira ntchito. Ku Zambia bilu yoyamba inalowa m'nyumba ya malamulo mu 2002 n'kubwezedwa, ndipo anthu anadikira mpaka Disembala 2023 kuti Pulezidenti Hakainde Hichilema asayinire.

Anthu ambiri akamayerekeza malamulowa amathamangira kuwerenga masiku. Ku Malawi ofesi ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ku Mozambiki masiku 21, ku Tanzania masiku 30. Kusiyanaku n'kochepa kuposa mmene kumaonekera. Masiku 15 ogwira ntchito, mukachotsa Loweruka ndi Lamulungu, ndi masabata atatu, ndiye Malawi ndi Mozambiki ali pafupifupi pamodzi. Kwa ine funso lalikulu ndi lakuti masikuwo akatha ofesi ili duu, mumapita kuti? Pamenepo ndi pamene mayikowa amasiyaniranadi, chifukwa mabwana ambiri sakana poyera. Amangokhala chete, kapena kukuuzani kuti amene amasunga fayilo wapita ku msonkhano.

Tisanafike kumeneko, kalatayo iyenera kulembedwa bwino, ndipo apa malire a dziko alibe kanthu. Cholakwika chofala ndi kufunsa funso m'malo mopempha chikalata. Mukalemba kuti "Kodi ndalama za mijigo zinayenda bwanji?" mwapatsa ofesi mpata wokulemberani ndime imodzi yokometsera, ndipo adzati ayankha. Tchulani mapepala amene ofesi iliyonse yolipira ntchito imayenera kukhala nawo: kontirakiti imene anasayinirana ndi kontirakitala, mndandanda wa midzi imene mijigo inayenera kukumbidwa, masatifiketi otsimikiza kuti ntchito yatha, ndi mavocha olipirira. Muyikeponso chaka cha ndalama chimene mukufuna, kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti. Mukatero, palibe amene anganene kuti sanamve chimene mukufuna. Kalatayo ikhale ndi makope awiri, ndipo musachoke pa ofesipo asanadinde kope lanu ndi kulembapo tsiku. Chidindocho ndiye poyambira kuwerenga masiku. Popanda icho, dandaulo lanu lililonse lidzayankhidwa ndi mawu akuti kalata sitinailandire.

Pali chinthu chimodzi m'lamulo la Malawi chimene ndimachikonda kwambiri: munthu wosatha kulemba atha kupempha pakamwa, ndipo ofisala woona za zopemphazi ndiye ayenera kulemba pempholo papepala. Ndiye kuti mayi wa mu komiti ya mjigo ali ndi mphamvu yofanana ndi ya mtolankhani. Ku Mozambiki nako lamulo linaika bwino mfundo ina, yakuti wopempha safunika kufotokoza chifukwa chimene akufunira chikalatacho. Izi n'zothandiza, chifukwa ukangonena kuti ukufufuza za mijigo yosowa, fayilo imatha kuyamba kusowa nayo. Ku Tanzania lamulo limapereka ufuluwu kwa nzika zokha, choncho mtolankhani wochokera kutsidya lino la Songwe ayenera kugwira ntchito ndi mnzake wakomweko.

Tsopano masiku atha, yankho palibe. Ku Malawi mumayamba mwadandaula kwa mkulu wa ofesi yomweyo kuti aunikenso. Zikakanika, mumapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, limene lamulo linalipatsa udindo woyang'anira nkhanizi, ndipo pambuyo pake pali bwalo lalikulu la milandu. Zambia anatenga njira yofananayo: bungwe lawo loona za ufulu wa anthu ndilo loyang'anira. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti pali wina wakunja kwa ofesi amene mungamudandaulire musanalembe loya ntchito. Kufooka kwake n'kwakuti mabungwewa ali kale ndi katundu wambiri, za ndende, za ana, za nkhanza za apolisi, ndipo dandaulo la vocha ya mjigo liyenera kuima pamzere womwewo.

Mozambiki alibe bungwe lapadera lotere. Mukakanidwa mumadandaula m'kati mwa boma momwemo, kwa bwana wa amene wakukanani, kapena mutengere nkhaniyo ku bwalo loweruza milandu yokhudza kayendetsedwe ka boma. Nyuzipepala yaikulu itha kupirira ulendo umenewo. Wailesi ya m'dera yokhala ndi atolankhani atatu siingathe. Ku Tanzania ndiye nkhawa yanga ndi yokulirapo, chifukwa mkulu wa ofesi akakukanani, apilo imapita kwa nduna yoona za malamulo, munthu wa m'boma lomwelo limene likusunga chikalatacho. Pa mfundo iyi yokha ndinganene mosazengereza kuti Malawi ndi Zambia anasankha bwino.

Komabe asatinamize kuti bwalo la milandu ndi njira yachidule. Ku South Africa, kumene lamulo lotere lakhalapo kuyambira 2000, nyuzipepala ya Mail & Guardian inapempha lipoti limene oweruza awiri, Sisi Khampepe ndi Dikgang Moseneke, analemba pa chisankho cha ku Zimbabwe cha 2002. Inalimbana ndi ofesi ya pulezidenti m'makhoti zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo lipotilo linatuluka mu Novembala 2014, likunena kuti chisankhocho sichikanatchedwa chaufulu ndi chachilungamo. Choonadi chinatuluka, koma patatha zaka 12 anthu atavota.

Tinene kuti mwachita mwayi, envulopu yabwera. Muli kontirakiti ya mijigo khumi, mndandanda wa midzi khumi, mavocha atatu amene pamodzi akukwana ndalama zonse za mu kontirakiti, ndi masatifiketi asanu ndi atatu. Apa ndi pamene atolankhani ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umakhala utalemba kale mutu wa nkhani wakuti ndalama zabedwa. Mapepalawa sananene zimenezo.

Choyamba ndimayala zimene ndalandira pambali pa kalata yanga ija, n'kuchonga chimodzichimodzi. Ndinapempha masatifiketi onse, abwera asanu ndi atatu. Awiri enawo mwina kulibe, mwina aliko koma sanandipatse, ndipo izi ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri. Ndiyenera kulembanso kalata yaifupi yofunsa kuti anene polemba ngati masatifiketi a midzi iwiriyo alipo. Ndimayang'ananso manambala a masamba. Kontirakiti ikadumpha kuchoka pa tsamba 6 kufika pa 9, masamba osowawo atha kukhala amene akunena za kalipiridwe, kapena za chilango cha kontirakitala akachedwetsa ntchito.

Kenaka masiku. Ndimalemba papepala limodzi tsiku la chikalata chilichonse motsatana. Ngati vocha yomaliza inavomerezedwa mu Meyi pamene satifiketi yomaliza ndi ya Ogasiti, ndiye kuti ofesi inavomereza malipiro onse ntchito isanatsimikizidwe, ndipo zimenezi ndingazilembe molimba mtima chifukwa zili pa mapepala awo omwe. Koma vocha imangosonyeza kuti malipiro anakonzedwa ndi kuvomerezedwa. Siisonyeza kuti ndalama inalowadi ku akaunti ya kontirakitala. Umboni wa zimenezo uli pa sitetimenti ya ku banki, ndipo ngati sindinaipemphe, mawu anga ayenera kukhala akuti "khonsolo inavomereza kulipira", osati "kontirakitala analandira".

Pepala likatha, pamafunika nsapato. Mndandanda wa midzi khumi uja ndiwo chuma chenicheni cha mu envulopu, chifukwa umandiuza kopita. Ndikayenda midzi yonse n'kupeza mijigo isanu ndi iwiri, yonse m'midzi yokhala ndi masatifiketi, ndiye kuti pali mudzi umodzi umene uli ndi satifiketi yosayinidwa koma ulibe mjigo. Nkhani yagona pamenepo, pa mudzi umodziwo ndi siginecha imene ili pa satifiketi yake. Ngakhale apo ndiyenera kufunsa anyakwawa ndi komiti ya madzi, chifukwa zimachitika kuti akumba osapeza madzi n'kusamutsira mjigo m'mudzi woyandikana osasintha mapepala. Zikakhala choncho ndi vuto la kasungidwe ka zolemba, osati kuba, ndipo kulemba kuti wina waba kungakhale kumulakwira munthu.

Kusamala kumeneku n'kofunika kulikonse, koma ku Tanzania kuli ndi mano ake. Lamulo lawo limati wolandira chikalata asapotoze zimene zili m'menemo, ndipo wopezeka wolakwa atha kukhala kundende zaka zosachepera ziwiri. Mawu akuti kupotoza ndi otambalala, ndipo amene wanyozeka ndi nkhani yanu ndiye woyamba kunena kuti mwapotoza. Ndimaona kuti chilango chotere chimawopseza anthu oona mtima kuposa abodza. Chitetezo chimene mtolankhani ali nacho, kumeneko ngakhale kwina, ndi kutenga mawu ndi manambala ndendende mmene alili, kutchula dzina ndi tsiku la chikalata chilichonse, ndi kusindikiza chithunzi cha tsambalo kuti wowerenga adzionere yekha. Manambala a foni ndi a akaunti za anthu wamba muziphimba musanasindikize.

Musanatulutse nkhani, tumizani mafunso kwa khonsolo ndi kwa kontirakitala, olunjika pa zimene mwapeza: satifiketi ya mudzi wakuti inasayinidwa tsiku lakuti, ife tapitako sitinapeze mjigo, mukutipo bwanji? Apatseni masiku omveka oti ayankhe, ndipo sungani kope la mafunsowo. Ndiye chiganizo choyamba cha nkhaniyo chitha kukhala chotere: "Khonsolo inavomereza malipiro a mijigo khumi miyezi itatu satifiketi yomaliza isanasayinidwe, ndipo m'mudzi umodzi mwa isanu ndi itatu yokhala ndi masatifiketi mulibe mjigo, malinga ndi zikalata zimene khonsoloyo yatulutsa komanso zimene tapeza titayendera midzi yonse khumi." M'munsi mwake muzilemba tsiku limene munapempha, tsiku limene anayankha, ndi masatifiketi awiri aja amene mpaka pano sanabwere.