Osangowerenga nyenyezi zija za pa ndemanga za malo okaona basi

Nkhaniyi akuti “malo otchuka nthawi ya khamu osapitako, n'kungotaya ndalama.”

Ayi bwana, apa mwaphatikiza zinthu zosiyana. Khamu silimaononga malo onse mofanana. Mathithi kapena phiri, anthu achuluke bwanji mumaonabe bwinobwino, ungosuntha pang'ono wapeza mpata. Koma malo a khomo limodzi, ngati phanga kaya kachipinda kosungiramo zakale, kumeneko ndiye kuli mavuto. Ine pa malo ena otere ndinaima pa mzere maola 2 dzuwa lili pamutu, kulowa mkati mphindi 10 zokha mlonda akutikuwa kuti tiyeni tiyeni, chomwe ndinaona ndi mafoni a anzanga ali m'mwamba, chithunzi changa chili ndi chipewa cha munthu wosamudziwa.

Ndiye panopa ndisanalipire ndimayang'ana ndemanga za mwezi womwewo umene ndikufuna kupita, osati za nthawi yopanda anthu, komanso zithunzi zojambula alendo eniake, za otsatsa zija amajambula mbandakucha kulibe munthu. Matikiti akakhala a nthawi yoikika ndimapita, chifukwa amalowetsa anthu mowerengera. Akakhala a bwera-ulowe ndimafika geti lisanatsegulidwe, mabasi a magulu asanatsitse anthu. Zikakanika apo ndimangodikira sukulu zitsegulire.