Chizindikiro cha mu ng' si chotaya

"Njira yosavuta ndiyo kuchotsa zizindikiro zonse mawu asanalowe m'nkhokwe yofufuziramo."

A mtolankhani, mfundo imeneyi ya m'nkhani yanu yokhudza kufufuza mawu pakompyuta ingatipweteke ife olemba Chichewa, chifukwa ng' ndi liwu lapalokha, losiyana ndi ng. Mukachotsa chizindikirocho, ng'oma yovinira Gule Wamkulu imasanduka ngoma, nyama yam'tchire, ndipo mukadula mawu pamenepo mumatsala ndi "ng" ndi "oma". Komabe mu "m'mudzi" kudulako n'koyenera, popeza m' akuimira mu, ndipo wofufuza "mudzi" ayenera kulipeza tsambalo.

Chimene nkhaniyi sinatchule n'chakuti chizindikirochi chili ndi mitundu iwiri yofala, chowongoka chimene nambala yake pakompyuta ndi U+0027 ndi chopindika cha U+2019, chimene mafoni ena ndi Word amaika okha. Titasanja nyimbo za kwaya yathu pakompyuta, "ng'ombe" sankapezeka ngakhale tinkamuona ndi maso, mpaka tinasandutsa chopindikacho kukhala chowongoka, m'zolembazo komanso m'mawu ofufuzira.

Amene mukufuna kuyesa dongosolo lanu, fufuzani "pang'ono" pafoni, kenaka pakompyuta. Zotsatira zikasiyana, yambani mwayang'ana chizindikirocho.